Mpweya wabwino ndi matenda a m'njira yopumira: m'kombi, m'kalasi ndi m'chipinda chogona

Tsamba lino lalembedwera odwala ndi osamalira odwala a ku Bindura ndi madera ozungulira, monga Chipadze, Chiwaridzo ndi makomboni a pafupi ndi migodi ya Trojan ndi Freda Rebecca. Likufotokoza mmene chimfine, Kovidi-19 ndi chikuku zimafalira kudzera mu mpweya umene anthu akupumira limodzi, ndiponso mmene kutsegula mazenera moyenera kumachepetsera kufala kumeneku.

Mmene mavairasi amayendera mu mpweya

Munthu aliyense akamapuma, kulankhula, kuimba, kutsokomola kapena kuyetsemula, amatulutsa timadontho ta madzi tochokera m'mapapo, pakhosi ndi m'kamwa. Timadontho tikulutikulu timagwa msanga, nthawi zambiri tisanadutse mita imodzi kapena awiri. Koma pali tina tating'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso, timene sitigwa msanga. Timeneti timayandama mu mpweya ngati utsi, kwa mphindi zambiri kapena maola, ndipo timafika mbali zonse za chipinda. Ngati munthuyo ali ndi vairasi, timadontho tina timakhala titanyamula vairasiyo, ndipo aliyense wopuma mpweya wa m'chipindamo amatikokera m'mapapo mwake.

Nthawi zambiri munthu amayamba kufalitsa vairasi asanadziwe kuti wadwala. Wa chimfine angathe kupatsira ena kutatsala tsiku limodzi kuti ayambe kumva zizindikiro, ndipo wa chikuku amapatsira ena masiku anayi zidzolo zisanatuluke. Vairasi ya chikuku imatha kukhalabe mu mpweya wa chipinda kwa maola awiri wodwalayo atatuluka kale. Mliri wa chikuku umene unayambira m'boma la Mutasa ku Manicaland mu Epulo 2022 unapha ana oposa 700 m'Zimbabwe muno pofika mwezi wa Seputembala chaka chomwecho, ndipo ambiri mwa anawo anali asanalandire katemera. Choncho si kokwanira kungopewa munthu amene akuoneka kuti akudwala. Mpweya wa malo amene anthu asonkhana uyenera kumasinthidwa nthawi zonse.

Kuopsa kotenga matenda m'malo otsekeka kumadalira zinthu zitatu: kuchuluka kwa anthu, kutalika kwa nthawi imene akhala pamodzi, ndi kuchuluka kwa mpweya wakunja umene ukulowa. Ziwiri zoyambazo n'zovuta kusintha, chifukwa kombi sinyamuka isanadzaze ndipo kalasi singachepetsedwe ana. Chachitatu chili m'manja mwa aliyense amene wakhala pafupi ndi zenera.

Lamulo la polowera ndi potulukira

Amene anagwirapo ntchito pansi pa mgodi amadziwa kale mfundo yaikulu pa nkhaniyi. Mpweya wabwino umalowa mumgodi kudzera njira imodzi, umadutsa pamene anthu akugwira ntchito, kenako umatulukira njira ina mokokedwa ndi mafani akuluakulu. Miyala ikaphulitsidwa, anthu amadikira kaye kuti utsi ndi fumbi zikokedwe asanabwereremo. Palibe amene amayembekezera kuti dzenje la khomo limodzi lidziyeretse lokha.

Chipinda nachonso n'chimodzimodzi. Zenera limodzi likatsegulidwa, mpweya wolowa ndi wotuluka umalimbirana malo amodzi, ndipo umangosinthika pafupi ndi zeneralo. Koma pakakhala potseguka pawiri pa makoma oyang'anizana, mphepo imalowa mbali ina, imadutsa chipinda chonse n'kutuluka mbali inayo. M'malangizo amene bungwe la WHO linatulutsa mu 2021, kuwerengera kwake kumasonyeza kuti mazenera oyang'anizana amalowetsa mpweya wochuluka kuposa kakhumi poyerekeza ndi zenera lofanana kukula la mbali imodzi. Malangizo omwewo amati m'malo amene anthu amasonkhana, munthu aliyense azilandira malita 10 a mpweya wakunja pa sekondi iliyonse.

Mpweya wofunda umakwera m'mwamba. N'chifukwa chake timazenera ta pamwamba ndi timabowo ta mpweya ta pansi pa denga n'tofunika: mpweya wogwiritsidwa kale ntchito umatulukira mmenemo, ngakhale kunja kulibe mphepo yambiri.

Chitsanzo: kalasi ya ana 45

Tiyerekeze kalasi ya mamita 8 m'litali, mamita 7 m'lifupi ndi mamita 3 kupita m'mwamba. Kalasi yotere imakhala ndi malita 168,000 a mpweya. Muli ana 45 ndi mphunzitsi mmodzi, onse pamodzi anthu 46. Potsata muyezo wa malita 10 pa munthu, kalasiyi ikufunika malita 460 a mpweya wakunja pa sekondi iliyonse, kutanthauza madiramu a malita 200 oposa awiri pa sekondi.

M'mawa wa mwezi wa Juni, mazenera ndi chitseko zonse n'zotseka chifukwa cha kuzizira. Mpweya umalowabe pang'ono kudzera m'ming'alu ndi pansi pa chitseko. Tiyerekeze kuti wolowa motere ukukwana kudzaza kalasiyo kamodzi pa ola. Zikatero mwana aliyense akulandira lita imodzi yokha pa sekondi m'malo mwa malita 10.

Tsopano mphunzitsi watsegula mazenera awiri a khoma limodzi, lililonse lotseguka mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Kunja kuli kamphepo kayaziyazi, koyenda mita imodzi pa sekondi, kongogwedeza masamba. Mpweya wolowa ukhala pafupifupi malita 100 pa sekondi, kapena malita awiri pa mwana. Zasintha, koma sizinakwane.

Kenako mphunzitsi watseka limodzi la mazenerawo n'kutsegula lina lofanana nalo pa khoma loyang'anizana. Mazenera otseguka akadali awiri, mphepo ndi yomweyo, koma mpweya wolowa wafika pafupifupi malita 650 pa sekondi, kapena malita 14 pa mwana. Muyezo wakwanira ndi kupitirira. Dziwani kuti potseguka pocheperapo ndi pamene pamalamula: ngati mbali ina mwatsegula mazenera anayi koma mbali inayo mwangotsegula kampata kakang'ono, mpweya udzadutsa molingana ndi kampatako. Ngati kalasi ili ndi mazenera mbali imodzi yokha, chitseko chigwire ntchito ya zenera lachiwiri, makamaka chikakhala pa khoma lina.

Nthawi yopumula nayo ndi yofunika. Ana akatuluka kwa mphindi 15 n'kusiya kalasi yotseka, magawo atatu mwa magawo anayi a timadontho timene tinali mu mpweya amakhala akadalimo pamene akubwerera. Koma mazenera a mbali zonse ziwiri akasiyidwa otseguka monga m'chitsanzo chathu, timatsala tochepera gawo limodzi mwa magawo 20. Choncho ngati kwazizira kwambiri moti mazenera sangatsegulidwe onse ana ali mkati, atsegulidwe pang'ono mbali zonse ziwiri pa nthawi ya phunziro, ndipo atsegulidwe onse pamodzi ndi chitseko pa nthawi yopumula, pa nkhomaliro ndi pamene gulu lina la ana likusinthana ndi linzake. Kuimba ndi kuwerenga mokweza onse pamodzi kumatulutsa timadontho tambiri kuposa kukhala chete, motero n'kwabwino kuchitira zimenezi panja kapena mazenera onse ali otseguka.

M'kombi

Ulendo wochoka ku Bindura kupita ku Harare ndi wa makilomita pafupifupi 90, ndipo umatenga ola limodzi ndi theka kapena kupitirira. M'kati mwa kombi muli malo a mpweya okwana malita pafupifupi 10,000. Munthu wamkulu amene wangokhala amatulutsa malita pafupifupi 8 a mpweya pa mphindi. Anthu 18 pa ulendo wa mphindi 90 amatulutsa malita pafupifupi 13,000, ochuluka kuposa mpweya wonse umene kombiyo ingasunge. Mazenera akakhala otseka, wokwera aliyense amapuma mobwerezabwereza mpweya umene wadutsa kale m'mapapo a anzake.

Zimene zinachitika mumzinda wa Ningbo ku China pa 19 Januwale 2020 zikusonyeza zotsatira zake. Mabasi awiri anatenga anthu kupita ku mwambo wachipembedzo, ulendo wa mphindi 100 kupita ndi kubwerera. M'basi imodzi munali munthu wa Kovidi-19, ndipo makina oziziritsa ankangozunguliza mpweya wa mkati momwemo. Mwa anthu ena 67 a m'basimo, 23 anatenga matendawa, kuphatikizapo amene anakhala kutali ndi wodwalayo. M'basi inayo, mmene munali anthu 60, palibe amene anadwala.

Galimoto ikamayenda, kampata kakang'ono kamalowetsa mpweya wambiri chifukwa liwiro lenilenilo limapanga mphepo. Sipafunika kutsegula mazenera onse mpaka mapeto. Chofunika ndi malo awiri otalikirana: zenera limodzi chakutsogolo ndi lina chakumbuyo, makamaka mbali zosiyana, lililonse lotseguka mpata wa zala zitatu kapena zinayi. Zenera la dalaivala lokha silithandiza mokwanira anthu a pampando wakumbuyo.

Nthawi yoiwalika kwambiri ndi ya pa siteji, pamene kombi yaima kudikira kuti idzaze. Galimoto yoima ilibe mphepo ya liwiro, ndipo anthu angakhalemo theka la ola. Pa nthawiyi chitseko chikhale chotsegula ndipo mazenera atsegulidwe kwambiri. Oyendetsa aonenso batani lokhala ndi chithunzi cha galimoto ndi muvi wopindikira mkati mwake. Batani limeneli likayaka, mpweya wa mkati umangozungulira osasinthidwa, choncho lizikhala lozimitsa pamene mwanyamula anthu. Pa msewu wa fumbi, mazenera angatsekedwe podutsana ndi galimoto ina, koma atsegulidwenso fumbilo likangotha. Mvula ikamagwa, tsegulani mbali imene mvula sikuwomba.

Pempho laulemu kwa wokhala pa zenera kapena kwa kondakitala nthawi zambiri limakwana. Ngati inu muli ndi chifuwa kapena chimfine ndipo ulendowo sungalephereke, valani masiki yophimba mphuno ndi pakamwa, ndipo khalani pafupi ndi zenera lotseguka.

M'chipinda chogona

M'nyumba zambiri za m'makomboni ndi za lendi, banja lonse limagona chipinda chimodzi kapena ziwiri. Pano anthu ndi ochepa poyerekeza ndi m'kalasi, koma nthawi ndi yaitali: maola asanu ndi atatu usiku uliwonse. Chipinda cha mamita 3 mbali zonse, chogona anthu asanu, chingafune malita 50 pa sekondi potsata muyezo womwe uja. Kuti mpweya wotere ulowe pa zenera la mbali imodzi, zenera la mita yathunthu liyenera kukhala lotsegula lonse, zimene anthu ambiri sangachite usiku. Koma pakakhala malo awiri oyang'anizana, potseguka pa masentimita 30 mbali zonse pangakwane pamene kunja kuli kamphepo. Kazenera ka pamwamba kokhala ndi zitsulo zotchinga akuba, pamodzi ndi chitseko cha mkati chosiyidwa chotsegula kuloza ku chipinda china chimene nachonso chili ndi potseguka, zingapange njira imeneyi.

Yang'anani timabowo ta mpweya ta pakhoma. M'nyumba zambiri tinatsekedwa ndi mapepala, nsanza kapena simenti pofuna kuletsa kuzizira ndi fumbi. Titseguleni, ndipo ngati mukuopa udzudzu ikanipo sefa. Sefa ya udzudzu imachepetsa mpweya wodutsa ndi theka, choncho zenera la sefa litsegulidwe mokulirapo. Musasiye kugona m'masikito, chifukwa malungo alipo m'chigawo chino. Makatani okhuthala ndi makabati oikidwa kutsogolo kwa zenera nazo zimatchinga mpweya.

Pakakhala wodwala m'nyumba, agone chakumene mpweya ukutulukira, ndipo ena agone chakumene ukulowera, kuti mpweya uzidutsa kaye pa anthu abwinobwino. Kuti mudziwe kumene mpweya ukulowera, lendewetsani kaulusi kapena kapepala kopepuka pa zenera n'kuona kumene kakupendekera. Siyani mpata wa mita imodzi kapena kuposa ngati malo alipo. Makanda, okalamba, amayi oyembekezera, anthu amene ali ndi HIV kapena matenda a shuga, ndiponso amene mapapo awo anaonongeka ndi fumbi la mumgodi, ndiwo oyamba kupatsidwa malo akutali ndi wodwalayo. Masana wodwala akhale panja kapena pakhonde ngati angathe, pamene chipinda chili chotsegula. Obwera kudzazonda matenda alandiridwe panja.

Chenjezo pa mbaula: musagone ndi mbaula ya makala m'chipinda, ndipo musayatse jenereta m'nyumba. Makala amatulutsa mpweya wa kaboni monokisaidi, umene ulibe fungo kapena mtundu ndipo umapha anthu ali m'tulo. Kutsegula zenera pang'ono sikuchotsa ngoziyi. Ngati anthu angapo m'chipinda chimodzi ayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru nthawi imodzi, atulutseni panja msanga ndipo thamangirani nawo kuchipatala.

Mungadziwe bwanji kuti mpweya sukusinthika?

Tulukani panja kwa mphindi zingapo, kenako lowaninso. Ngati mukumva fungo la thukuta, la chakudya kapena la mpweya wolemera, ndiye kuti mpweya sukutuluka. Anthu amene akhalitsa mkati salimva fungoli chifukwa mphuno imazolowera. Chizindikiro china ndi nthunzi pa magalasi a kombi kapena madontho a madzi pa mazenera ndi pa malata m'mawa, chifukwa gawo lalikulu la chinyezicho limachokera mu mpweya umene anthu atulutsa. Nkhungu yakuda m'makona a khoma imasonyeza kuti vutoli ndi la nthawi yaitali.

Mungayesenso ndi utsi. M'chipinda mopanda anthu, yatsani koilo ya udzudzu kwa mphindi zochepa, izimitseni, ndipo onani kumene utsi ukupita. Ngati ukuyenda molunjika potulukira n'kutha msanga, njira ya mpweya ilipo. Ngati ukungoyandama kapena kuunjikana m'kona, pamenepo ndi pamene timadontho ta wodwala tingaunjikanenso.

Fani ya m'nyumba yotseka imangotakasa mpweya womwewo. Imathandiza pokhapokha ikaikidwa pa zenera moyang'ana kunja, zenera kapena chitseko china chili chotsegula. Mankhwala onunkhiritsa m'nyumba amangobisa fungo, sachotsa mavairasi.

Kodi mphepo yozizira si imene imayambitsa chimfine?

Chimfine chimachuluka m'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo n'zomveka kuti anthu ambiri amaimba mlandu mphepo. Koma popanda vairasi munthu sangadwale chimfine, ndipo vairasiyo imachokera kwa munthu wina. M'nyengo yozizira anthu amatseka mazenera n'kukhala mothithikana kwa nthawi yaitali. Komanso mpweya wouma ndi wozizira umathandiza mavairasi ena kukhalitsa, ndipo umafooketsa pang'ono chitetezo cha m'mphuno. Yankho lake ndi kufunditsa thupi, osati kutseka chipinda: juzi, chipewa, masokosi ndi bulangeti lowonjezera. Makanda amazizidwa msanga, choncho avekedwe bwino ndipo asagonekedwe pamene mphepo ikuwomba mwachindunji. Kutsegula kazenera ka pamwamba kumathandiza, chifukwa mpweya wozizira umasakanikirana ndi wofunda usanafike pa anthu.

Zimene mazenera sangachite

Mpweya wabwino umachepetsa kuopsa, koma sukuthetsa. Munthu amene wakhala moyandikana kwambiri ndi wodwala amapuma timadontho tisanamwazike, ndipo apa masiki ndi imene imathandiza. Mavairasi ena amafalanso kudzera m'manja ndi pa zinthu zimene anthu agwira, motero kusamba m'manja ndi sopo n'kofunikabe. Chikuku chimafala mosavuta kwambiri moti chitetezo chodalirika ndi katemera yekha, woperekedwa kawiri. Onani khadi la mwana wanu, ndipo ngati pali katemera amene anaphonya, pitani naye ku kiliniki.

Chifuwa chachikulu cha TB chimayamba ndi bakiteriya, osati vairasi, koma chimafala mu mpweya mofanana, ndipo zonse zimene zafotokozedwa pano zimagwiranso ntchito. Anthu amene anapuma fumbi la miyala kwa zaka zambiri, m'migodi ikuluikulu kapena m'maenje a golide, amadwala TB mosavuta kuposa ena. Pa malo ena fumbi lakunja limachuluka, makamaka pafupi ndi milu ya dothi la mumgodi m'miyezi ya mphepo ya Ogasiti ndi Seputembala. Zikatero tsegulani mbali imene fumbi silikuchokera, ndipo tsegulani kwambiri pa nthawi imene fumbi lachepa.

Nthawi yopita kuchipatala

Pitani msanga ku kiliniki yapafupi kapena ku chipatala chachikulu cha Bindura ngati wodwala akupuma movutikira, akumva kupweteka pachifuwa, milomo yake yasintha mtundu, akusokonezeka maganizo kapena akulephera kumwa. Kwa mwana, werengani kupuma kwake kwa mphindi yathunthu ali phee. Mwana wa miyezi iwiri mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi, ndiponso wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu akamapuma ka 40 kapena kuposa, angakhale ndi chibayo. Chifuwa chikamalowa mkati popuma, kapena mwana akakana kuyamwa, musadikire kuti kuche. Khanda losakwana miyezi iwiri likatentha thupi lionedwe tsiku lomwelo.

Kutsokomola kwa masabata awiri, kutuluka thukuta usiku, kuonda kapena kutsokomola magazi kumafuna kuyezetsa TB. Munthu amene ali ndi HIV ayezetse akangoyamba kutsokomola, osadikira masabata awiriwo. Ngati mwana watentha thupi ndipo watuluka zidzolo, dziwitsani anamwino mukangofika, musanakhale pamzere ndi ana ena. Ngati mukutsokomola, valani masiki ndipo pemphani kudikirira panja kapena pafupi ndi zenera lotseguka.